Mafunso atatu a penshoni ndi pamene mayankho ake amabisala m'malamulo a thumba

Pa ofesi yoona za ogwira ntchito, mafunso a penshoni amabwera ambiri, koma mukawasanthula mumapeza kuti ndi atatu okha amene amangosintha zovala. Mukundidula zingati, ndipo kampani ikuikapo zingati? Nditasiya ntchito lero, za kampanizo ndi zanga kapena zibwerera? Ndidzapuma liti? Kalaliki wozolowera amayankha ali chiimire: "5 ndi 10, zonse ndi zanu, zaka 60." Yankho lotere nthawi zambiri limakhala pafupi ndi zoona, ndipo vuto lake ndi lomwelo, chifukwa munthu amalikhulupirira n'kukonzerapo moyo wake. Nambala ya m'malamulo a penshoni siyenda yokha. Imakhala ndi tanthauzo lake pa tsamba lina, tsiku limene inayamba kugwira ntchito pa tsamba linanso, ndiponso gulu la anthu amene ikuwakhudza. Ntchito ya woyankha ndi kusonkhanitsa zidutswa zimenezi asanatsegule pakamwa.

Choyamba n'kudziwa kuti zikalata zake si chimodzi. Pamwamba pa zonse pali lamulo la dziko. Ku Malawi lamulo lokakamiza olemba ntchito kuika antchito awo pa penshoni linayamba kugwira ntchito pa 1 Juni 2011, ndipo mu 2023 linalowedwa m'malo ndi latsopano. Amene amayang'anira matumba onse a penshoni ndi mkulu woona za mabungwe a zachuma, yemwe ndi gavanala wa Banki Yaikulu ya Malawi. Pansi pa lamuloli pali malamulo a thumba lenilenilo. Makampani ambiri ang'onoang'ono ndi apakati alibe thumba lawolawo. Amalowa m'thumba la onse loyendetsedwa ndi makampani monga Old Mutual kapena NICO. Thumba lotere limakhala ndi buku lalikulu la malamulo okhudza mamembala onse, kenako chikalata chachifupi, nthawi zina cha masamba awiri kapena atatu okha, chimene kampani yanu inasainira polowa. Manambala a kampani yanu ali m'chikalata chachifupicho. Buku lalikulu limangonena kuti membala adzasonkha "monga mmene zalembedwera m'malamulo apadera a womulemba ntchito". Anthu ambiri amataya tsiku lonse m'buku lalikulu kufunafuna nambala imene mulibemo.

Pamwamba pa izi pali zosintha. Malamulo a thumba akasinthidwa, kawirikawiri buku silisindikizidwanso. Kumangobwera pepala lonena kuti ndime yakuti yafufutidwa ndipo m'malo mwake mwalowa mawu awa kuyambira tsiku lakuti. Pepala limenelo likasochera m'kabati ya akauntanti, ofesi yonse imapitiriza kuyankha kuchokera pa ndime yakufa. Choncho musanawerenge chilichonse, lemberani kampani yoyendetsa penshoni yanu kuti ikutumizireni malamulo amene akugwira ntchito panopa pamodzi ndi zosintha zonse. Kabuku kokongola kamene amagawira mamembala, kontirakiti ya ntchito ndi buku la malamulo a pakampani n'zothandiza, koma si malamulo a thumba. Zikasemphana, matrasti, omwe ndi oikidwa kusunga ndi kuyang'anira thumba m'malo mwa mamembala, amalipira potsata malamulo a thumba, ndipo malamulo a thumbawo sangapereke zochepera pa zimene lamulo la dziko lanena.

Zosonkha: peresenti ya chiyani?

Lamulo la dziko limaika malire a pansi: wolemba ntchito asonkhe zosachepera 10 peresenti, wogwira ntchito zosachepera 5 peresenti. Kampani ikhoza kupitirira pamenepo, ndipo ena amaterodi. Koma funso lofunika si lakuti peresenti ingati, ndi lakuti peresenti ya ndalama ziti. Yankho lili kumayambiriro kwa malamulo, pa gawo lotanthauzira mawu, limene aliyense amalidumpha chifukwa limaoneka lotopetsa. Zikalatazi zimalembedwa m'Chingerezi, ndiye ngati muli nazo pa kompyuta, dinani Ctrl+F n'kulemba `Pensionable Emoluments` kapena `Pensionable Salary`. Pamenepo mupeza mndandanda wa malipiro amene amawerengeredwa pa penshoni ndi amene sawerengeredwa.

Tiyerekeze kampani ina yonyamula katundu. Chikalata chake chikunena kuti kampani isonkha 12 peresenti, wogwira ntchito 5 peresenti, ndipo malipiro owerengeredwa ndi salale ya bezike pamodzi ndi alawansi ya nyumba imene imabwera yofanana mwezi uliwonse. Ovataimu ndi maalawansi a pa ulendo mulibe. Dalaivala wina amalandira bezike ya K400,000, alawansi ya nyumba ya K100,000, ndipo mwezi uno wapanga ovataimu ya K80,000. Pa pesilipi yake zonse pamodzi ndi K580,000. Wabwera akudandaula kuti amudula K25,000 pamene iye akawerengera 5 peresenti ya K400,000 akupeza K20,000. Mnzake wamuuzanso kuti ayi, akuyenera kudulidwa K29,000, chifukwa wawerengera pa K580,000. Onse awiri masamu akuwatha. Chimene aphonya ndi poyambira. Malipiro owerengeredwa ndi K500,000. Gawo lake ndi K25,000, la kampani ndi K60,000, zonse K85,000.

Mukadalekera pomwepa, munthuyu abweranso pakatha miyezi ingapo atanyamula sitetimenti ya ku thumba yoonetsa kuti mu akaunti yake mumalowa K75,000 yokha pa mwezi. Apa ndi pamene ena amayamba kunong'onezana kuti kampani ikuba. Bwererani ku ndime ya zosonkha za kampani n'kuiwerenga mpaka pa mpumiro womaliza. M'chitsanzo chathu ikupitiriza kuti mwa 12 peresentiyo, 2 peresenti ndi yolipirira kayendetsedwe ka thumba ndi inshuwalansi ya moyo. Lamulo limafuna kuti wolemba ntchito aikire wantchito wake inshuwalansi imeneyi, yosachepera malipiro a chaka chimodzi, kuti munthu akamwalira ali pa ntchito banja lake lilandire. Choncho K10,000 imapita kumeneko, K50,000 imalowa mu akaunti, kuphatikiza K25,000 yake, n'kukwana K75,000. Palibe chabedwa. Koma makampani ena amalipira zolipira zimenezi pambali, osakhudza peresenti yolembedwayo, ndiye pa makampani awiri onena kuti "timasonkha 12" wina antchito ake amalandira zambiri kuposa mnzake. Mawu ang'onoang'ono akuti "kuphatikizapo" kapena "kuwonjezera pa" ndi amene amanyamula kusiyana konseko. Ndipo mukapeza kuti zolipirazo zikachotsedwa zolowa mu akaunti zikutsika kupyola 10 peresenti, imeneyo si nkhani yofotokozera wantchito ayi, ndi yopita nayo kwa abwana ndi kwa oyendetsa thumba tsiku lomwelo.

Pali zina ziwiri zoti muone musanachoke pa ndime imeneyi. China ndi magulu: makampani ena amasonkhera mabwana peresenti yosiyana ndi ya antchito ena, kapena amasiyanitsa amene analowa kale ndi amene analowa chosintha china chitachitika. China ndi tsiku limene munthu amayamba kusonkha, makamaka kwa amene ali pa pulobeshoni.

Sitetimenti ikhozanso kusiyana ndi pesilipi pa chifukwa china chosakhudzana ndi kuwerenga malamulo. Ndalama zimayenera kufika ku thumba pasanathe masiku 14 mwezi utatha, koma olemba ntchito ambiri m'dziko muno amadula antchito awo n'kusatumiza, ndipo Banki Yaikulu yakhala ikudandaula za zimenezi poyera. Kuzindikira kwake n'kosavuta: kusiyana kobwera ndi zolipira kumakhala kofanana mwezi ndi mwezi, pamene ndalama zosatumizidwa zimaoneka ngati miyezi yathunthu yopanda kanthu. Wantchito akakuonetsani miyezi yopanda kanthu, musamuuze kuti "sisitimu ikuchedwa" musanaone risiti ya ku thumba. Ngati ndalamazo sizinapite, ali ndi ufulu wodziwa.

Za kampani zija ndi zanga?

Funso lachiwirili ndiye limene limavulaza anthu kwambiri, chifukwa mkati mwake muli mafunso awiri amene wofunsa amawaona ngati limodzi. Loyamba ndi la umwini: ndalama zimene kampani yandisonkhera zakhala zanga kapena ayi? Lachiwiri ndi la nthawi: ngati ndi zanga, ndingazigwire liti m'manja?

Tiyambe ndi umwini. Matumba ambiri akale, a nthawi imene penshoni inali mphatso ya kampani osati lamulo, anali ndi tebulo lonena kuti gawo la kampani limakhala lanu pang'onopang'ono malinga ndi zaka zimene mwakhala. Cholinga chake chinali kumanga anthu kuti asachoke msanga. Mukafufuza mawu akuti `Vesting` kapena `Withdrawal Benefit` m'malamulo akale, tebulo lotere mukhoza kulipeza. Tiyerekeze likunena kuti wosakwanitsa zaka 3 salandira kalikonse ka kampani, wa zaka 3 koma wosafika 5 alandira theka, wa zaka 5 kupita m'tsogolo alandira zonse. Munthu anayamba ntchito pa 1 Malichi 2005, analowa m'thumba pa 1 Seputembala 2005 atamaliza pulobeshoni, n'kusiya ntchito pa 30 Juni 2010. Mukawerengera zaka za pa ntchito, wakhala zaka 5 ndi miyezi 4, ndiye zonse ndi zake. Mukawerengera zaka za umembala, wakhala zaka 4 ndi miyezi 10, ndiye alandira theka. Ngati gawo la kampani linali K800,000, ndiye kuti K400,000 ikudalira pa mawu amodzi a pamutu pa tebulo. Onaninso ngati malamulo akunena za zaka zathunthu. Akatero, zaka 4 ndi miyezi 11 ndi zaka 4 basi. Pa Excel, tsiku lolowa lili mu C2 ndipo lochoka mu D2, zaka zathunthu zimatuluka motere:

```
=DATEDIF(C2,D2,"Y")
```

Ndafotokoza tebuloli kuti mudziwe kuliwerenga mukalipeza, komanso kuti mulikayikire. Chiyambire 2011, zosonkha zokakamizidwa ndi lamulo zimalowa mu akaunti ya dzina la membala, ndipo akasintha ntchito zimamutsata: akhoza kuzisiya m'thumba lomwelo kapena kuzisamutsira ku thumba la kumene wapita. Kampani sizitenganso chifukwa choti munthu wachoka msanga kapena achoka atakangana. Ndiye mukaona tebulo lotere m'buku limene lili pa shelefu yanu, yang'anani tsiku la bukulo. Mwina ndi lakale ndipo linasinthidwa. Mwina tebulolo likukhudza ndalama za nyengo ina yokha. Musalitchule kwa wantchito mpaka oyendetsa thumba atakuyankhani molemba kuti likugwirabe ntchito pa ndalama ziti. Kuopseza munthu ndi tebulo lakufa kuti asasiye ntchito ndi khalidwe loipa, ngakhale wochitayo atachita mosadziwa.

Tsopano nthawi. Kunena kuti "zonse ndi zanu" n'zoona, koma wantchito amamva kuti "zonse mulandira mwezi wamawa". Tiyerekeze kalaliki wa zaka 34 amene akaunti yake ili ndi K9,000,000, yogawika motere: K3,000,000 ndi zosonkha zake ndi phindu lake, K6,000,000 ndi zosonkha za kampani ndi phindu lake. Akufuna kusiya ntchito kuti ayambe bizinesi, ndipo m'mutu mwake mpamba ndi K9,000,000. Lamulo la 2011 linkati munthu amene wasiya ntchito n'kukhala miyezi 6 osapeza ina akhoza kupempha gawo lake. La 2023 linachepetsa nthawi yodikirayo kufika miyezi 3. Chimene amapatsidwa ndi gawo lake lija. La kampani limakhala m'thumba, likubereka phindu m'dzina lake, mpaka atafika popuma. Zili ngati chimanga chimene chili m'nkhokwe yanu koma kiyi wake akusunga wina mpaka nyengo yake itakwana. Kalaliki wathuyu mpamba wake ndi K3,000,000, ndipo aupeza pakadutsa miyezi itatu ndi masiku okonzera mapepala. Akapeza ntchito ina mkati mwa miyezi imeneyo, njira imeneyi yatsekeka. Ndalama zimangosamuka kapena kukhala pomwepo. Pali mpata wa maakaunti aang'ono kwambiri, amene amatha kulipidwa onse nthawi imodzi akakhala pansi pa malire amene akuluakulu oyang'anira matumba amaika. Malirewo amasintha, ndiye afunseni kwa oyendetsa thumba nthawi iliyonse, musawasunge pamtima.

Munthu akafunsa funso ili, ndi bwino kumubwezera funso kaye: mukufunsa kuti ndi za yani, kapena kuti mungazitenge liti? Ambiri amadzidzimuka pomwepo, chifukwa sanaganizepo kuti ndi zinthu ziwiri.

Kupuma: msinkhu, tsiku, ndi makomo ena

Lamulo la dziko silinaike msinkhu umodzi wa aliyense. Limati msinkhu wopumira ukhale pakati pa zaka 50 ndi 70, ndipo malamulo a thumba ndi amene amasankha. Chifukwa chakuti m'boma anthu amapuma pa zaka 60, ambiri amaganiza kuti 60 ndi lamulo la aliyense. Koma kampani yanu ikhoza kukhala kuti inalemba 55 kapena 65. Fufuzani `Normal Retirement Age` m'chikalata chachifupi chija, kenako `Normal Retirement Date` m'buku lalikulu, chifukwa msinkhu ndi tsiku n'zosiyana. Malamulo ena amati munthu amapuma pa tsiku lake lobadwa, ena pa tsiku lomaliza la mwezi umenewo, ena pa tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Kusiyanaku kumaoneka kochepa, koma kumakhudza salale yomaliza, zosonkha zomaliza, ndi tsiku limene inshuwalansi ya moyo imatha.

Tibwerere kwa dalaivala uja. Anabadwa pa 14 Ogasiti 1969 ndipo anayamba ntchito pa 1 Malichi 2008. Malamulo a kampani yake akuti msinkhu ndi zaka 60, tsiku ndi lomaliza la mwezi umene wakwanitsa zakazo. Tsiku lobadwa lili mu B2:

```
=EOMONTH(EDATE(B2,60*12),0)
```

Selo ya yankho mukaiika pa fomati ya tsiku, yankho ndi 31 Ogasiti 2029. Koma fomula imangokhulupirira chimene mwaipatsa. Anthu ambiri a msinkhu umenewu ali ndi masiku obadwa awiri kapena atatu: la pa fomu imene analemba polowa ntchito, la pa chiphaso cha unzika chimene ambiri anatenga mu 2017, ndi limene linatumizidwa ku thumba. Ngati fayilo ya dalaivalayu ikunena 1967 pamene chiphaso chikunena 1969, kampani ikhoza kumulembera kalata yopuma mu 2027 thumba likumuonabe kuti sanafike, kapena mosemphanitsa. Malamulo a thumba amakhala ndi ndime yonena za umboni wa zaka umene matrasti amavomereza. Nkhani imeneyi ikonzedwe munthu akadali kutali ndi kupuma, chifukwa tsiku lobadwa likasintha kwatsala miyezi iwiri, aliyense amakayika.

Fananitsaninso msinkhu wa m'malamulo a thumba ndi wa m'kontirakiti kapena m'buku la malamulo a pakampani. Zimachitika kuti kampani yakweza msinkhu wopumira m'buku lake n'kuiwala kusintha ku thumba. Kontirakiti imanena tsiku limene ntchito ithe; malamulo a thumba amanena tsiku limene ndalama zituluke. Masiku awiriwa akasiyana, munthu akhoza kukhala pakhomo opanda salale komanso opanda penshoni.

Msinkhu uja si khomo lokhalo. Malamulo ambiri ali ndi ndime ya kupuma msanga, yonena msinkhu woyambira ndiponso ngati pakufunika chilolezo cha kampani. Ali ndi ndime ya kupuma chifukwa cha matenda, imene imafuna umboni wa dokotala, ndi ya kupuma mochedwa. Lamulo la 2011 linatsegulanso khomo la munthu amene wagwira zaka 20 zosadukiza kwa wolemba ntchito mmodzi, ndiye onani mmene malamulo anu analembera zimenezi. Apa n'pamene yankho loyenera kalaliki wa zaka 34 uja limakhala lolakwika mukalipereka kwa dalaivala. Tinene kuti malamulo a kampani yawo amalola kupuma msanga kuyambira zaka 55 kampani ikavomera. Dalaivalayu zaka 55 anakwanitsa mu Ogasiti 2024. Akabwera n'kunena kuti watopa ndi misewu akufuna kusiya, inu n'kumuuza kuti adikire miyezi itatu alandire gawo lake lokha, mwamulakwira. Akachoka ngati wopuma msanga, akaunti yonse imatseguka motsata ndondomeko ya opuma. Akalemba kalata yongosiya ntchito, fomu yopita ku thumba idzanena kuti wasiya. Ndipo zaka 20 za pa ntchito zikukwana kumapeto kwa Febuluwale 2028, ngati sanadukizepo. Munthu mmodzi, makomo atatu, masiku atatu.

Wofunsa za tsiku lopuma amafunsanso za kalandiridwe. Kale wopuma ankatha kutenga mpaka 40 peresenti nthawi imodzi. Lamulo la 2023 linakweza kufika 50 peresenti, ndipo zotsalazo zimabwera mwezi ndi mwezi. Lamulo lomweli linalolanso amene atsala ndi zaka 5 kapena kucheperapo kuti apume kutapako mpaka theka la ndalama zawo akadali pa ntchito. Taonani mmene izi zimamangirirana ndi tsiku lija: zaka zisanuzo zimawerengedwa kubwerera m'mbuyo kuchokera pa msinkhu wa m'malamulo a thumba, ndiye tsiku lobadwa likalakwika, khomo ilinso lasuntha. Ngati buku lanu likunenabe za 40 peresenti ndi miyezi 6, chimenecho ndi chizindikiro chakuti ndi la 2023 isanafike, ndipo ndime zake zinanso muzikayikire.

Pepala limodzi ndi kayankhidwe

Mukamaliza kuwerenga, zimene mwapeza zilembeni pa pepala limodzi loti aliyense mu ofesi aziyankhirapo. Pa mfundo iliyonse lembani nambala yake, tanthauzo limene ikudalira, gulu limene ikukhudza, tsiku limene inayamba, ndi nambala ya ndime pamodzi ndi chikalata chimene yachokera. Mzere wa zosonkha za kampani, mwachitsanzo, usangoti 12 peresenti. Unene kuti 12 peresenti ya bezike ndi alawansi ya nyumba, 2 peresenti yake ya zolipira, antchito onse okhazikika, ndime yakuti ya chikalata chakuti. Pepalalo litumizeni kwa oyendetsa thumba aliwerenge n'kuvomereza molemba, ndipo pamwamba pake pakhale tsiku. Ena amakonda kukopera ndime zonse mmene zilili m'Chingerezi cha maloya n'kutumizira wantchito. Kutero n'kudziteteza, si kuyankha. Nenani m'mawu osavuta, n'kutchula ndimeyo kuti wofuna akadziwerengere yekha.

Kwa dalaivala uja, kalata yake ikhoza kumveka motere:

"Bambo, zikomo chifukwa cha funso lanu. Malinga ndi malamulo a thumba lathu mmene alili lero, penshoni yanu imawerengeredwa pa bezike ndi alawansi ya nyumba, zomwe ndi K500,000. Inu mumasonkha K25,000 pa mwezi. Kampani imasonkha K60,000, ndipo mwa imeneyi K50,000 imalowa mu akaunti yanu, K10,000 imalipirira inshuwalansi ya moyo ndi kayendetsedwe ka thumba. Ndalama za mu akauntiyo ndi zanu zonse. Tsiku lanu lopuma, tikatengera tsiku lobadwa la pa chiphaso chanu cha unzika, ndi 31 Ogasiti 2029. Koma fayilo yathu ili ndi chaka china, choncho tikupempha mubwere ndi chiphasocho kuti tikonze. Popeza munadutsa zaka 55, mukhozanso kupempha kupuma msanga. Chonde musalembe kalata yosiya ntchito tisanakambirane zimenezi. Kuchuluka kwa ndalama zimene mungalandire tikufunsirani kwa oyendetsa thumba, ndipo adzakulemberani okha."

Chiganizo chomalizacho ndi malire a ofesi yanu. Malamulo amakuuzani peresenti, umwini ndi tsiku. Sakuuzani ndalama zimene zili mu akaunti lero, phindu limene lilowe chaka chino, kapena zimene munthu azidzalandira pa mwezi akapuma. Zimenezo zimatuluka mu sisitimu ya oyendetsa thumba, ndipo nambala imene inu mungatchule pongoyerekeza idzakumbukiridwa ngati lonjezo. Chimodzimodzi funso lakuti "nditenge theka panopa kapena ndidikire?" Mufotokozereni kuti khomo lilipo, mumuuze kuti chimene watapa lero chichepetsa za mtsogolo, mumupezere mawerengedwe a njira zonse ziwiri kuchokera ku thumba, koma chisankho chikhale chake. Ndipo wantchito akakana yankho lanu, musakangane naye pa khonde: malamulo a thumba ali ndi ndime ya madandaulo, imene imayambira kwa oyendetsa thumba ndi matrasti, ndipo akapanda kukhutira akhoza kukadandaula ku ofesi ya woyang'anira mabungwe a zachuma ku Banki Yaikulu. Nambala ya ndime imeneyonso ikhale pa pepala lija.